Kukonza nkhani zotsatizana zotuluka mlungu ndi mlungu

"Ndikufuna kulemba za ulimi wa mtedza m'magawo 6, gawo limodzi pa mlungu. Kodi ndikonze bwanji kuti owerenga asasokere?"

Musanayambe, khalani ndi kalendala komanso magawo atatu olembedwa kale, chifukwa matenda kapena maliro angakudyereni mlungu wathunthu.

1. Lembani funso limodzi limene gawo lililonse lidzayankhe: kusankha mbewu, kukonza munda, kudzala, kupalira, kukolola ndi kuumitsa, kenako kugulitsa.

2. Sankhani tsiku limodzi, mwachitsanzo Lachisanu, ndipo muwerengere chobwerera m'mbuyo kuti gawo la kudzala lituluke mvula yodzalira isanagwe. Ngati gawo lachitatu lituluke pa 14 Novembala, loyamba liyenera kutuluka pa 31 Okutobala.

3. Yambani gawo lililonse ndi chikumbutso cha ziganizo ziwiri, chotchula mfundo yokhayo imene owerenga akufunika kuidziwa kuti amvetse za lero. Kubwereza gawo lonse lapitalo kumatopetsa amene analiwerenga.

4. Malizani ndi funso lokopa, monga lakuti, "N'chifukwa chiyani mtedza wosungidwa usanaume bwino umagwidwa chuku?" ndipo mutchule tsiku la yankho. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amalonjeza nkhani imene sanailembe, kenako gawo lotsatira limakamba zina. Chiganizo chokopacho muzichilemba pokhapokha gawo lotsatiralo litatha kulembedwa.

5. Gawo latsopano likatuluka, bwererani ku magawo akale n'kuikamo nambala ndi mutu wake, poti ena adzayambira pakati.