Ndemanga za woyesa nkhani ya kafukufuku

Funso: Jenala ina yosindikiza za kafukufuku yanditumizira nkhani ya kafukufuku wa malungo kuti ndiiunike. Kodi ndemanga ndizisanja bwanji?

Yankho: Choyamba, werengani nkhani yonse musanalembe kalikonse. Kenako lembani ziganizo zitatu zofotokoza zomwe ofufuzawo akuti apeza, kuti mkonzi aone ngati mwaimvetsa.

Mukatero, lembani mavuto akuluakulu ndipo muwapatse manambala. Vuto lalikulu ndi limene, likapanda kukonzedwa, likhoza kugwetsa mfundo yomaliza ya kafukufukuyo. Tiyerekeze kuti olembawo akuti maneti anachepetsa malungo, koma midzi yolandira maneti anaiyeza m'chilimwe pomwe ina anaiyeza m'dzinja. Udzudzu umachuluka ndi mvula, ndiye kusiyanako kungakhale kwa nyengo, osati kwa maneti. Musangoti "njira yake ndi yolakwika". Tchulani tsamba ndi tebulo, fotokozani chifukwa chake, kenako nenani chochita: asanthulenso manambala poganizira mwezi umene anayeza, kapena afewetse zomwe akunenazo. Mavuto otere akapitirira asanu, ineyo ndimakayikira kuti ndasakaniza ndi ang'onoang'ono.

Ang'onoang'ono abwere pambuyo, mzere umodzi umodzi: chidule chosamasuliridwa, tebulo lopanda mutu.

Pomaliza, pa fomu yotumizira ndemanga pali bokosi la mkonzi yekha, limene olemba saliona. Mmenemo nenani ngati nkhaniyo ilandiridwe, ikonzedwe kapena ikanidwe, komanso ngati mukukayikira kuti mawu ena anabedwa kwina. Musawanyengerere olemba kenako n'kuikana kuseri, chifukwa mkonzi amasowa chowauza.