Voisi noti isamafulumire mukangodziwana kumene

Ngati mwangopatsana nambala ndi munthu amene mtima wanu wamukonda, masiku oyamba muzilemba. Uthenga wolemba umamupatsa mpata. Amauwerenga ali m'minibasi kapena ku ntchito popanda aliyense kumva, n'kuyankha akapeza mawu abwino. Voisi noti imafuna malo a phee kapena mahedifoni, komanso imadya bandulo kuposa mawu olemba. Mukamutumizira ya mphindi zinayi tsiku loyamba, musadabwe ikakhala osatsegulidwa mpaka usiku. Pa WhatsApp mudzadziwa kuti wamvetsera kachizindikiro ka maikolofoni kakasanduka kabuluu.

Koma kulemba kuli ndi vuto lake: nthabwala imafika yozizira. Mchemwali wanga anafunsidwa ndi mnyamata amene anangodziwana naye kumene ngati wakwiya, iye n'kulemba "ayi, zili bwino". Mnyamatayo anakhala chete masiku awiri, poganiza kuti walakwitsa, chonsecho mwiniwake analemba akuseka! Akanajambula mawu, kasekedweko kakanamveka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawu amanyamula zimene zilembo zimasiya: kuzengereza, manyazi, katchulidwe ka kwanu, ngakhale tambala akulira kuseri.

Ine ndimati voisi noti yoyamba ibwere macheza akayamba kuyenda okha, ndipo isapitirire masekondi 20 kapena 30. Ikhale ndi chifukwa, monga kankhani koseketsa kovuta kulemba. Kenako onani mmene wayankhira. Akabweza ndi mawu ake, pitirizani. Akabweza polemba, mwina amagona chipinda chimodzi ndi abale ake kapena sakonda kumva mawu ake omwe, choncho bwererani kolemba osamufunsa chifukwa. Za malo ndi nthawi yokumana zokha muzilemba nthawi zonse, kuti asamafufuze mu voisi noti ataima pa depoti.