Momwe mungachotsere magalasi pa chithunzi cha munthu ndi kukonzanso maso ndi khungu

Ojambula zithunzi a pa boma la Kasungu amalandira kawirikawiri pempho lakuti achotse magalasi pa chithunzi cha munthu, makamaka pamene abale akufuna chithunzi choti aike pa pulogalamu ya mwambo wa chiliza kapena choti apachike pabalaza, koma chithunzi chabwino chimene chatsala n'chimene mwini wake anavala magalasi ong'anima. Ambiri amaganiza kuti ntchito yonse yagona pa kufufuta chimango cha magalasiwo. Chimangocho ndiye chosavuta, chifukwa chimangobisa kamzere ka khungu. Chovuta ndi galasi lenilenilo, limene limasintha kukula kwa diso, limakhotetsa m'mphepete mwa nkhope, ndiponso limasintha mtundu wa khungu lonse limene lili kuseri kwake. Malangizo otsatirawa agwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya GIMP 2.10 pa kompyuta, ndipo amene ali ndi Photoshop apeza zida zomwezo ndi mayina oyandikira.

Musanayambe, dziwani kuti njira imeneyi si ya zithunzi za pasipoti, chiphaso cha unzika kapena laisensi. Pa zithunzi zoterozo munthu amangovula magalasi n'kujambulidwanso.

Choyamba, pezani chithunzi chachikulu ndithu. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa, moti mukachikulitsa pa diso mumangoona timabokosi, choncho pemphani kuti achitumize ngati `Document`, kapena mutenge fayilo yeniyeni ya mu kamera. Ngati ndi chithunzi chapepala, chiikeni pa sikana pa 600 dpi. Kuti chithunzi chisindikizidwe bwino pa pepala la A4 pa 300 dpi pamafunika mapikiselo 2480 m'mimba mwake ndi 3508 m'litali mwake, ndipo ngati diso limodzi silikufika ngakhale mapikiselo 100 m'litali, mulibe poyambira pokwanira. Pemphaninso chithunzi china chilichonse cha munthu yemweyo asanavale magalasi, ngakhale chakale kapena chosaoneka bwino, chifukwa n'chimene chidzakuuzeni kukula kwenikweni kwa maso ake ndi kapindikidwe ka zikope zake. Mukatsegula chithunzi, sankhani `Layer > Duplicate Layer` ndi kugwira ntchito pa leya yapamwambayo, kuti yapansi ikhale yoyerekezera.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi. Chithunzi ndi cha bambo wachikulire, wojambulidwa pakhonde masana, kuwala kukuchokera kudzanja lamanzere la wojambula. Avala magalasi a chimango chakuda chokhuthala. Diso limene likuoneka kumanja kwa sikirini lili poyera, koma lakumanzere laphimbidwa theka ndi kung'anima koyera kwa thambo.

Musanakhudze chida chilichonse, yang'anani m'mphepete mwa nkhope pamene padutsa galasi. Pa chithunzi chathuchi mzere wa tsaya ukukwera bwinobwino, koma ukalowa m'galasi ukulumphira mkati, moti khoma lakumbuyo likuonekera m'galasimo pamalo pamene payenera kukhala khungu. Ichi n'chizindikiro chakuti magalasiwo ndi a munthu wovutika kuona patali, ndipo magalasi otere amachepetsa chilichonse chimene chili kuseri kwake, kuphatikizapo diso. Magalasi owerengera, amene achikulire ambiri amavala, amachita zosiyana: amakulitsa diso, ndipo mzere wa nkhope umatulukira kunja. Mukangofufuta chimango osakonza zimenezi, munthuyo amatsala ndi timaso tating'ono ndi mutu wonyemuka mbali imodzi, ndipo abale ake amangoti sakufanana naye, ngakhale sangathe kuloza chimene chalakwika.

Choncho yambani ndi kubwezeretsa kukula. Ndi chida cha `Free Select`, zungulizani mkati mwa galasi lakumanja motsatira chimango, mutachonga `Feather edges` pa mapikiselo 10 mpaka 15, kenaka koperani ndi `Ctrl+C` ndi kuika pa leya yakeyake ndi `Edit > Paste as > New Layer In Place`. Chotsani chizungulirocho ndi `Shift+Ctrl+A`, tsegulani chida cha `Scale`, sinthani muyezo ukhale wa `%`, ndipo kulitsani pang'onopang'ono mukuyerekeza ndi chithunzi chakale chija. Pa chitsanzo chathu 106 peresenti yakwanira. N'zosowa kuti mupitirire 110, ndipo mukapezeka kuti mwafika kumeneko, bwererani mukaone ngati simukutengeka ndi maganizo akuti maso aakulu ndiwo okongola. Kukulitsaku kuli ndi phindu lina, chifukwa khungu la m'galasi limafutukuka n'kuphimba mbali ina ya chimango. Sunthani leyayo mpaka ngodya ya diso yoyandikira mphuno ikhale pamalo oyenera, ndipo muiphatikize ndi yapansi pake ndi `Layer > Merge Down`. Mzere wa tsaya sudzalumikizana ndi kukulitsa kokhaku, popeza uli kutali kuseri kwa galasi kuposa diso, kotero muudzaze ndi khungu la tsaya lomwelo mpaka ukumane ndi mzere wa pamwamba ndi wa pansi pa galasi. Chitani chimodzimodzi ndi galasi lakumanzere.

Tsopano chotsani chimango ndi chida cha `Clone`, chimene mumachiitana ndi batani la `C`. Gwirani `Ctrl` ndi kudina pa khungu limene mukufuna kutengapo, kenaka pakani pa chimango. Burashi ikhale yofewa m'mbali ndiponso yokulirapo pang'ono kuposa kunenepa kwa chimango, mwachitsanzo mapikiselo 30 pa chimango cha mapikiselo 20. Lamulo lalikulu pano n'lakuti mutenge khungu loyandikana kwambiri ndi pamene mukupakapo, ndipo musinthe potengapo mukangopaka kawiri kapena katatu. Khungu la pansi pa diso ndi lopyapyala ndiponso loderapo, la pa tsaya ndi lowala ndipo timabowo take timaoneka, choncho mukatenga la pa tsaya n'kupaka pafupi ndi chikope pamatuluka chigamba chooneka ngati cha nsalu yatsopano pa malaya akale. Pakani kuchokera mbali zonse ziwiri, theka la chimango ndi khungu lam'mwamba, theka lina ndi lam'munsi, kuti mitundu iwiriyo ikumane pakati. Pamene chimango chadula khwinya, ikani potengapo pa khwinya lomwelo ndi kulipitiriza molunjika kumene likulowera, chifukwa nkhope ya munthu wachikulire yokhala ndi mkombero wosalala kuzungulira maso imaulula msanga kuti panali magalasi.

Chida cha `Heal`, cha batani la `H`, chibwere pambuyo pake. Chidachi chimatenga maonekedwe a khungu la potengapo n'kuwasakaniza ndi mtundu wa malo ozungulira pamene mukupaka, moti mukachigwiritsa ntchito chimango chakuda chikadalipo, chimakoka kudako n'kukumwaza pa khungu. Chimango chikatheratu m'pamene `Heal` imathandiza kusalaza malire a zimene mwapaka.

Malo atatu amaiwalika kawirikawiri. Pa mphuno pamakhala kamlatho ka chimango, timapilo tiwiri togwira mphuno, ndi mthunzi wake. Mukamachotsa zimenezi musaphwatalalitse mphuno, chifukwa mbali yakumanzere iyenera kukhala yowala, yakumanja yoderapo, monga momwe zilili m'munsi mwake. Mwendo wa magalasi wopita kukhutu umadutsa pa khungu, pa tsitsi ndi pamwamba pa khutu, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chitengedwe pa chinzake. Pomaliza pali mthunzi wa chimango pa tsaya, umene pa chithunzi chathu wagwera kumanja ndi m'munsi, ndipo ukatsala umajambula magalasi amene kulibe.

Diso lophimbidwa ndi kung'anima ndilo limafuna kudekha. Ngati kung'animako n'kopepuka moti diso likuonekerabe, sankhani malowo ndi kutsitsa kuwala ndi `Colors > Curves`. Koma pamene payereratu palibe chimene chatsala choti mubwezeretse, ndiye muyenera kubwereka diso. Njira yabwino ndi kutenga diso lomwelo pa chithunzi china cha munthuyo, ngati mutu wake unapendekeka mofanana. Ngati palibe, koperani diso lakumanja limene mwakonza kale, liikeni pa leya yatsopano, chotsani chizungulirocho ndi `Shift+Ctrl+A`, litembenuzeni ndi `Layer > Transform > Flip Horizontally`, ndipo tsitsani `Opacity` kufika pa 50 kuti muone diso lapansi pamene mukulunzanitsa ngodya ziwiri za diso. Mukabwezeretsa `Opacity` pa 100, onjezani `Layer > Mask > Add Layer Mask` yakuda, ndi kupaka zoyera pokhapo pamene panawonongeka, kuti theka labwino la diso lenileni likhalebe.

Diso lotembenuzidwa limabweretsa zolakwika ziwiri. Kadontho koyera kowala m'diso kamatembenuka nalo, moti diso lina limakhala nako kumanzere ndi lina kumanja, zimene sizichitika pamene kuwala kukuchokera mbali imodzi. Kafufuteni ndi `Clone`, ndipo mukopere kadontho ka diso lakumanja osakatembenuza, n'kukaika kumanzere ndi m'mwamba monga kalili ku diso linalo. Chachiwiri n'chakuti ngati munthuyo amayang'ana cham'mbali pang'ono, mbali yakuda ya diso imasunthira kolakwika ndipo amaoneka wamaso osiyana koloza. Zikatero sankhani mbali yakudayo payokha ndi kuisuntha mpaka maso onse ayang'ane kumodzi. Popeza diso lakumanzere lili kumbali yowala, khungu lobwerekalo liwalitseninso pang'ono ndi `Curves`. Nsidze zimene chimango chinadula zipitirizeni ndi burashi yaing'ono ya `Clone`, motsatira kumene tsitsi lagonera.

Chatsala ndi mtundu. Galasi limachepetsa kuwala, ndipo ena amaderako akakhala padzuwa, kotero khungu la mkati limaoneka ngati bwalo loderapo. Sankhani bwalolo ndi `Feather edges` wamkulu, wa mapikiselo 40 kapena kuposerapo, ndi kukweza `Curves` pang'ono mpaka malire asowe. Pa khungu lakuda musafafanize kunyezimira kwa pamwamba pa tsaya, chifukwa n'kumene kumasonyeza fupa, ndipo kukachoka khungu limaoneka lotuwa. Ngati malo okonzedwawo asalala kuposa nkhope yonse, onjezani timadontho tochepa ndi `Filters > Noise > HSV Noise`.

Poyesa ntchito yanu, chepetsani chithunzi pa sikirini chikhale chaching'ono ngati cha pa chiphaso, popeza mkombero wotsalira umaoneka bwino patali kuposa pafupi, ndiponso tembenuzani maonekedwe ndi `View > Flip & Rotate > Flip Horizontally` kuti diso lokwera kuposa linzake lionekere. Sungani fayilo ya `XCF` yokhala ndi maleya onse, tulutsani ya `JPG` ndi `File > Export As`, ndipo onetsani wachibale amene ankamudziwa bwino munthuyo musanasindikize, kuti ngati anena kuti chikope china chinali chogwa pang'ono, mubwerere ku leya ya disolo ndi kuchikonza ndi chida cha `Warp Transform`.