Momwe mungapangire utoto wa miyala ngati wa anthu amene ankajambula m'mapanga

M'phanga la Lascaux, ku France, muli zithunzi za ng'ombe zam'tchire, akavalo ndi agwape zimene zakhala pathanthwe zaka pafupifupi 17,000. Anyamata anayi analitulukira mu 1940. Mukaziyang'anitsitsa muona kuti mitundu ndi yochepa: wofiira, wachikasu, wakuda ndi yapakatikati pake. Wobiriwira kapena wabuluu mulibe, chifukwa ojambulawo ankagwiritsa ntchito zimene nthaka inkawapatsa mosavuta. Kufiira ndi chikasu zinkachokera ku miyala ya dzimbiri la chitsulo yotchedwa okala, ndipo kuda kunkachokera ku makala kapena ku mwala wa manganizi. Ife tipanga wofiira, kenako tisiye chithunzi cha dzanja pamwala.

Kupeza mwala woyenera

Si mwala uliwonse wofiira umene uli ndi utoto. Ina imangofiira pamwamba, m'kati muli mchenga wokhawokha. Funani timiyala tofewa, tothimbirira zala mukatigwira, tomwe timapezeka kawirikawiri m'mbali mwa mitsinje ndi pamene madzi anagumula nthaka. Nyowetsani mwala wolimba, wosalala, wowalirako, ndipo khutizanipo kamwala kanuko. Kakasiya mzere wonenepa ngati wa choko, katengeni. Kakangokanda, katayeni. Mzerewo ndiwo umanena zoona: mwala wa hematayiti, umene umafiiritsa okala, ukhoza kuoneka wakuda kapena wotuwa ngati chitsulo, koma mzere wake umatuluka wofiira ngati magazi ouma. Mzere wachikasu ukusonyeza kuti mwapeza gotayiti, mwala wa okala wachikasu. Nayenso musungeni, ali ndi ntchito kutsogoloku.

Kupera

Apa ndiye pagona ntchito. Phwanyani timiyalato kuti tikhale tating'ono ngati mchere wamiyala, muike pamphero, mudonthezepo madzi pang'ono ndi kuyamba kupera mozungulira. Madziwo amaletsa fumbi, chifukwa fumbi la miyala likalowa m'mapapo silituluka. Nthawi ndi nthawi tikitani phalalo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Likamamveka ngati mchenga, simunamalize. Utoto wosapereka bwino umaoneka wotumbuluka ndipo ukauma umayoyoka mukangoukhudza, pamene wosalala umalowa m'timaenje ta mwala n'kukhazikika.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa zithunzi zonse zimene tikuzidziwa. M'phanga la Blombos, ku South Africa, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Christopher Henshilwood linapeza zigoba ziwiri za nkhono zam'nyanja za zaka pafupifupi 100,000, nkhani imene inalengezedwa mu 2011. M'zigobamo munali zotsalira za okala wosakaniza ndi fupa lophwanya, makala ndi tizidutswa ta miyala, ndipo miyala yoperera inali pomwepo. Chigoba chinali mbale yosakanizira, basi.

Ngati mchenga ukukanabe, thirani phalalo m'botolo la madzi, mukhutchumule, mudikire theka la mphindi. Mchenga wolemera utsikira pansi. Tsanulirani madzi ofiirawo m'chiwiya china, muwasiye usiku wonse kuti adikhe. M'mawa khuthulani madzi apamwamba pang'onopang'ono, ndipo matope osalala otsala pansiwo ndiwo utoto wanu.

Kusandutsa chikasu kukhala chofiira

Mwala wa gotayiti uli ndi madzi omangika m'kati mwake. Ukatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 250 mpaka 300, madziwo amachoka ndipo umasanduka hematayiti. Umitsani ufa wachikasu, muuyale mopyapyala paphale, muike pamakala a moto. Muona m'mphepete mukuyamba kuda, kenako ufa wonse ukuoneka wodera. Musafulumire kuweruza uli pamoto, pakuti kufiira kwenikweni kumaoneka ukazizira. Mukauphula msanga mupeza mtundu wapakati, wonga wa njerwa yosapsa bwino. Mwala wonyowa wathunthu musauponye pamoto, umatha kuphulika.

Tisakanize ndi chiyani?

Ambiri amaganiza kuti ankasakaniza ndi magazi kapena mafuta a nyama. Pamwala wouma mafuta amagwiradi, ngakhale amadetsa mtundu. Koma makoma am'kati mwa phanga amakhala achinyezi, ndipo mafuta ndi madzi sizigwirizana. Claude Couraud, wofufuza wa ku France, anayesa zosakaniza zosiyanasiyana pamakoma otere kwa zaka zingapo, napeza kuti madzi am'phanga momwemo ndiwo ankagwira bwino kuposa zonse. Madziwo amakhala ndi laimu wosungunuka, ndipo akamauma laimuyo amamatira ufa wa utoto kuthanthwe. Ine ndimaona kuti apa mpamene pali nzeru yeniyeni: phanga lenilenilo ndilo linali guluu.

Choncho yambani ndi madzi okha. Ngati mukufuna kupaka ndi chala kapena ndi kamtengo kotafuna kunsonga, supuni imodzi ya ufa ikumane ndi supuni imodzi ya madzi. Wopopera ukhale wamadzimadzi ngati mkaka, mwina supuni imodzi ya ufa ku supuni zitatu za madzi. Miyala imasiyana, ndiye yesani kaye pakona. Utoto ukamatsetsereka ngati misozi, madzi achuluka.

Dzanja pathanthwe

Zithunzi za manja zimapezeka ku Gargas ndi Pech Merle ku France, pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, mpaka ku Cueva de las Manos ku Argentina. Zambiri sanazipange podinda dzanja lopaka utoto. Munthu ankatsamiza dzanja pathanthwe n'kupopera utoto mozungulira, ndiye akalichotsa pankatsala dzanja loyera pakati pa mtambo wofiira kapena wakuda. Manja ambiri otere ndi akumanzere, zomwe zikusonyeza kuti lamanja linali lotanganidwa ndi chiwiya cha utoto.

Tengani timabango tiwiri tobowoka, tatifupi ngati chala. Kamodzi kaimike mu utoto. Kachiwiri kakhale pakamwa panu, nsonga yake itagunda pakamwa pa koimirira kaja mopingasa. Mukauzira mwamphamvu, mpweya wodutsa pamwamba umakoka utoto n'kuumwaza ngati nkhungu. Poyamba pemphani wina akugwirireni chiwiya. Nyowetsani mwala pang'ono, tambasulani zala, ndipo poperani muli patali ngati kutalika kwa chikhatho, pang'onopang'ono, mobwereza. Mukayandikira kwambiri utoto umalowa pansi pa zala ndipo m'mphepete mumafufutika. Bango likatsekeka, vuto ndi kaperedwe, bwererani kumphero.

Michel Lorblanchet, wofufuza winanso wa ku France, anajambulanso akavalo amawangamawanga a ku Pech Merle pochita kulavula utoto kuchokera m'kamwa, ndipo zinamutengera maola 32. Iye anagwiritsa ntchito makala. Inunso mukafuna wakuda perani makala, manganizi musamuyandikize pakamwa chifukwa amawononga ubongo. Makalawa athandizanso ofufuza: popeza amachokera ku mtengo, zaka zake zimayezeka, ndipo ndi mmene anadziwira kuti zithunzi zakale za mikango ndi zipembere za m'phanga la Chauvet, lotulukiridwa mu 1994, zili ndi zaka pafupifupi 36,000. Okala payekha sayezeka motero.

Musanajambule nyama, tengani nyali usiku muunikire mwala wanu cham'mbali. Ku Altamira, ku Spain, njati zina zinajambulidwa pa zotupa za denga la phanga, kotero kuti thupi la nyama limachita kutukuka. Funani chotupa chonga phewa kapena mng'alu wonga msana, muyambire pamenepo.

Zonsezi chitirani pamwala wanu, kutali ndi zithunzi zakale zenizeni. Lascaux inatsekedwa mu 1963 chifukwa mpweya ndi kutentha kwa alendo zinameretsa ndere pamakoma. Mwala wanuwo uume masiku awiri pamthunzi, kenako pitsanipo chala chouma. Chikathimbirira kwambiri, ulendo wina mupere nthawi yotalikirapo.