Momwe mungajambulire mankhwala otuluka nawo m'chipatala ndi kuwafananiza ndi akale a kunyumba

Wodwala akatulutsidwa m'chipatala, womudikirira amapita pawindo la famase n'kubwerako ndi jumbo ya timatumba ta mapilitsi. Koma kunyumba aliponso ena, akale aja a bipi ndi shuga, ali m'kabati. Ngozi imayambira pamenepa, chifukwa mabanja ambiri amaganiza kuti atsopanowo ndi owonjezera pa akale, pamene nthawi zambiri ena mwa iwo abwera kudzalowa m'malo mwa akale. Foni ya kamera ingakuthandizeni kuona zimenezi wodwala asanameze kalikonse.

Yambani wodwala akadali mu wodi. Dokotala akangonena kuti mawa mutuluka, imbirani amene watsala kunyumba kuti asonkhanitse chilichonse chimene wodwalayo amamwa ndipo achijambule. Tikati chilichonse tikutanthauzanso Panado ndi Bulufeni wa pagolosale, mankhwala a m'maso, ngakhale botolo la zitsamba lija amalibisa kuseri kwa bedi. Cholinga n'chakuti zithunzi za akale zikhale m'foni mwanu pamene muli pafupi ndi amene walemba atsopanowo. Funso limene likanayankhidwa mu wodi kwa mphindi ziwiri limadzafuna ndalama ya minibasi ndi tsiku lathunthu pamzere mukafika kale kumudzi.

Kajambulidwe kake kali ndi mwambo. Yalani chitenje chopanda maluwa ambiri kapena pepala loyera pafupi ndi zenera, ndipo muzimitse fulashi chifukwa imanyezimira pa pulasitiki n'kuphimba zolemba. Jambulani kathumba kamodzikamodzi. Pa chithunzi chilichonse pazioneka zinthu zitatu: dzina la mankhwala, mphamvu yake (nambala ija yotsatana ndi mg), ndi kamwedwe kake. Ngati mapilitsi ali m'kapepala kachitsulo, katembenuzeni mujambule kumbuyo, chifukwa dzina lenileni limasindikizidwa kumeneko. Musakhuthule mapilitsi a timatumba tosiyana pamalo amodzi kuti aoneke bwino. Timibulu toyera tating'ono timafanana, ndipo tikasakanikirana ngakhale wa ku famase savomera kutisiyanitsa ndi maso. Mukajambula, kulitsani chithunzicho ndi zala muone ngati mungathe kuwerenga. Pomaliza jambulani tsamba la buku la kuchipatala pamene alembapo mankhwala otuluka nawo ndi tsiku lobwerera.

M'bukumo mupeza zilembo zachidule. OD ndi kamodzi pa tsiku, BD kawiri, TDS katatu, ndipo nocte ndi usiku pogona. Pa kathumba akalemba 1x2 kawirikawiri amatanthauza pilitsi limodzi, kawiri pa tsiku, koma funsani pawindo pomwepo kuti akutsimikizireni. Kathumba kopanda dzina musakalandire. Pemphani mwaulemu kuti akulembereni.

Tsopano tengani pepala, mulembe akale kumanzere ndi atsopano kumanja, ndipo mufananize maina, osati mtundu kapena kukula kwa pilitsi. Tiyerekeze kuti mayi anu anagonekedwa chifukwa cha kutupa miyendo ndi kubanika. Kunyumba ankamwa nifedipine 20mg kawiri pa tsiku, hydrochlorothiazide 25mg m'mawa, Daonil 5mg amene munkawagulira ku famase ya m'tauni, ndi Bulufeni mawondo akamapweteka. Mu jumbo ya kuchipatala mwapezeka amlodipine 5mg, furosemide 40mg, enalapril 5mg ndi glibenclamide 5mg.

Poyang'ana koyamba palibe dzina limene likufanana, ndiye munthu angaganize kuti mayi azimwa mitundu yonse 8. Apa ndiye pofunika kudekha. Pa bokosi la Daonil, pansi pa dzina lalikululo, pali dzina lina la zilembo zazing'ono: glibenclamide. Ndi mankhwala amodzi. Dzina lalikulu ndi lamalonda limene kampani inawapatsa, laling'onolo ndiye la mankhwala, ndipo ndi limene muyenera kufananiza. Mayi akamwa onse awiri shuga angatsike kwambiri: amayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu, mwinanso kukomoka. Zikatero, ngati akutha kumeza, apatseni madzi osungunuliramo shuga n'kuthamangira nawo kuchipatala, chifukwa mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi ndipo shugayo angathe kutsikanso. Munthu wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa.

Nifedipine ndi amlodipine ndi maina osiyana koma a banja limodzi, ndipo mathero awo ofananawo akukuuzani zimenezo. Kawirikawiri munthu samwa onse awiri, choncho n'kutheka kuti watsopanoyo walowa m'malo mwa wakale. Kuwaphatikiza kumatsitsa bipi mopitirira, mayi n'kumachita chizungulire akamadzuka, mwina mpaka kugwa. Furosemide ndi hydrochlorothiazide onse ndi okodzetsa. Nthawi zina dokotala amawapereka pamodzi mwadala, nthawi zina amasiyitsa wina. Chithunzi sichingakuuzeni chimene iye anafuna, ndiye apa lembani chizindikiro cha funso.

Bulufeni uja ndi amene ambiri samuwerengera, poti ndi wogula pagolosale. Koma akakumana ndi enalapril ndi furosemide amatha kuwononga impso, komanso amachititsa kuti thupi lisunge madzi, zomwe zinawagoneketsa mayiwo m'chipatala. Ine ndingamuchotse m'kabati tsiku lomwelo, n'kufunsa dokotala kuti mawondowo aziwathandiza ndi chiyani.

Palinso mankhwala amene amapezeka kumanzere kokha. Kusapezeka kwawo mu jumbo sikutanthauza kuti asiyitsidwa. Ma ARV, mwachitsanzo, amatengedwa ku kiliniki yake, ndiye kawirikawiri sakhala m'gulu la otuluka nawo mu wodi. Amenewa, pamodzi ndi a TB ndi a khunyu, sasiyidwa pokhapokha dokotala atanena. Onetsetsani kuti wolemba mankhwala atsopanowo akudziwa kuti wodwala amawamwa, chifukwa ena sagwirizana: mapilitsi owonjezera magazi ndi ena oziziritsa m'mimba amachepetsa mphamvu ya ma ARV ofala masiku ano ngati amwedwa nthawi imodzi popanda malangizo.

Ndi pepala lanu m'manja, pitani kwa anamwino, dokotala kapena wa ku famase, mufunse dzina lililonse palokha. Mungathe kunena kuti: "Pepani adokotala, mayi kunyumba amamwa awa. Kodi apitirize, asiye, kapena asinthe kamwedwe?" Pemphani kuti yankholo alilembe m'buku, chifukwa za pakamwa zimaiwalika pofika pa depoti. Funsaninso kuti m'mawa uno mu wodi amwa kale ati, kuopa kuwabwereza madzulo. Ngati mwatulukira vutoli muli kale kunyumba, imbani Chipatala cha pa Foni pa 929, kapena pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko mutanyamula timatumba tonse pamodzi ndi buku.

Pa za kutumiza zithunzi, samalani. M'banja mukakhala namwino, kaya ali ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Mangalande, mutumizireni iyeyo payekha, wodwala atavomera. Kuponya zithunzi za buku la kuchipatala pa gulu la WhatsApp la banja lonse kungaulule matenda amene mwiniwake sanauze aliyense. Ndipo wachibale wakutaliyo akhoza kukuthandizani kuona maina obwerezedwa, koma zotsatira za magazi ndi za impso sanazione, choncho kusintha mankhwala kusiyireni amene anamuyeza wodwalayo.

Mayankho akapezeka, lembani mndandanda umodzi watsopano wokhala ndi deti, muujambule, ndipo pepala lakale muling'ambe. Mankhwala osiyitsidwa muwamange m'jumbo yapadera, mulembepo kuti OSAMWA, muike patali ndi ana, ndipo pa tsiku lobwerera kuchipatala mukawasiye ku famase.