Momwe mungayezere liwiro la timu yoteteza makompyuta popanda kuwathamangitsa kutseka matiketi

Ngati mumayang'anira timu yoteteza makompyuta ndi netiweki pakampani, tsiku lina abwana adzafunsa ndithu kuti kodi anthu anuwa akugwira bwanji ntchito, tioneni manambala. Ambiri amatulutsa awiri odziwika aja, MTTD yomwe ndi nthawi imene imadutsa musanazindikire kuti mbava yalowa, ndi MTTR nthawi imene mumatenga kuti muchitepo kanthu. Manambalawa alibe mlandu. Vuto limayamba pamene wotchi ya MTTR mwaitchera kuti iziima pomwe munthu wadina batani lotseka tiketi, yomwe ndi kafayilo kamene timu imatsegulira vuto lililonse, chifukwa anthu akangodziwa kuti akuyezedwa ndi batani limenelo amayamba kulidina msanga, mbava ikadali mkati.

Choyamba gwirizanani nthawi zinayi zoti zizilembedwa pa tiketi iliyonse

Nthawi yoyamba ndi pomwe choipacho chinayambadi malinga ndi malogi, zolemba zomwe makompyuta amasunga za zimene zachitika. Yachiwiri ndi pomwe alamu inalira kapena munthu anadzanena. Yachitatu pomwe wa mu timu anaigwira tiketiyo n'kuyamba kufufuza, ndipo yachinayi, yofunika kwambiri, ndi pomwe mbavayo yatsekerezedwa moti singachitenso kanthu. Kuyambira yoyamba kufika yachiwiri ndiye MTTD yanu. Kuyambira yachiwiri kufika yachinayi ndiye nambala yoyankhira imene muzionetsa abwana, ena amaitcha MTTC. Nthawi yotseka tiketi ilembeni ngati mukufuna koma musaiikire chandamale chilichonse.

Onetsetsaninso kuti malogi onse ali pa UTC, nthawi yofanana padziko lonse lapansi, ndipo maseva akulondola wotchi imodzi kudzera pa NTP, njira yomwe makompyuta amafananitsira mawotchi awo, apo ayi muzapeza alamu ikuoneka ngati inalira mbava isanalowe.

Tione ndi chitsanzo

Tiyerekeze kuti wantchito wina wa ku maakaunti walandira imelo yabodza, wadina linki n'kulemba pasiwedi yake pa tsamba lachinyengo 08:10. Mbava yalowa mu akaunti yake 08:25, alamu ya SIEM, pulogalamu yosonkhanitsa malogi n'kuchenjeza, yalira 09:05 poona kuti akauntiyo yalowedwa kuchokera kudziko lachilendo, ndipo wa mu timu waigwira 09:20.

Munthu amene akuthamangitsidwa ndi batani asintha pasiwedi 09:30 n'kutseka tiketi, pa lipoti zioneka mphindi 25 zokha, aliyense n'kuwomba m'manja. Koma m'masisitimu ambiri kusintha pasiwedi pakokha sikumutulutsa nthawi yomweyo amene walowa kale, amatha kukhalabe mkati mpaka chilolezo chomwe anapatsidwa polowa chithe mphamvu. Komanso mbava zotere zimakonda kusiya lamulo mu bokosi la imelo lotumiza makalata onse ku adilesi yakunja, mwinanso kulembetsa foni yawo kuti izilandira makodi olowera. Zonsezi pasiwedi yatsopano siizikhudza n'komwe.

Munthu wosamala aimitsa akauntiyo, atulutsa onse amene analowa nayo, achotsa lamulo lotumiza makalata lija ndi foni yachilendoyo, wamaliza 09:50. Pamenepo ndiye wotchi iime. MTTD ndi mphindi 55 ngati mwawerenga kuchokera 08:10, kutsekereza kwatenga mphindi 45. Tiketi ikhalebe yotsegula ngakhale masiku atatu, uku akufufuza kuti ndani winanso analandira imelo yomweyo, ndi makalata ati omwe anawerengedwa, kodi pali kasitomala amene watumiziridwa nambala yabodza ya kubanki. Masiku atatuwo sakuipitsa nambala ya aliyense, ndiye palibe chomupangitsa kudumpha mafunso amenewa.

Kuti izi zitheke lembani pasadakhale kuti kutsekereza kumatanthauza chiyani pa mtundu uliwonse wa vuto. Pa akaunti yobedwa ndi zinthu zinayi tatchulazi. Pa laputopu yomwe yagwidwa ndi pulogalamu yoipa ndi kuidula pa netiweki komanso kusintha mapasiwedi omwe anagwiritsidwa ntchito pamenepo. Mukapanda kulemba, aliyense aziimitsa wotchi pomwe pamukomera.

Kenako kawerengedwe

Musasakanize zonse mu nambala imodzi. Maalamu abodza ndi ambiri ndipo amatsekedwa mu mphindi zochepa, mukawaphatikiza ndi mavuto enieni amakokera nambala pansi n'kubisa kuchedwa pa zinthu zoopsa. Achotseni, awerengeni paokha, ndipo enieniwo muwagawe malinga ndi kuopsa kwake.

Avereji nayonso imanamiza. Tinene kuti mwezi uno panali mavuto asanu aakulu ndipo kutsekereza kunatenga mphindi 20, 30, 35, 40 ndi 900. Avereji ndi 205, zomwe sizikufanana ndi tsiku lililonse la timuyo, pomwe nambala yapakati mukawandandalika ndi 35. Onetsani yapakatiyo limodzi ndi ina yoonetsa mmene zimakhalira zikavuta, nthawi yomwe mavuto 90 pa 100 amakhala atatsekerezedwa. Ngati mphindi zili mu kolamu D mu Excel ndi chonchi:

```
=MEDIAN(D2:D200)
=PERCENTILE(D2:D200,0.9)
```

Ndipo la mphindi 900 lija musalitaye, likhalireni pansi. Kawirikawiri nkhani yake imakhala yakuti linabwera usiku palibe wolondera, kapena wa mu timu analibe mphamvu yoimitsa akaunti n'kumadikira munthu wa dipatimenti ina ayankhe foni. Kuchedwa kotere sikutha ndi kukalipira timu.

Pa MTTD pali kamsampha kamene ine kamandidetsa nkhawa kwambiri. Wina mu timu akachita khama n'kufukula mbava yomwe yakhala mkati miyezi iwiri osaonedwa, MTTD ya mwezi umenewo imakwera koopsa, ndiye ngati abwana akwiya ndi nambalayo mwawaphunzitsa anthu kuti asamafukule. Zopezeka mwa kusakasaka chonchi zilembedwe pa mzere wake, ndipo amene wapezayo ayamikiridwe poyera.

Tsopano ikani mlonda wa matiketi otsekedwa

Nambala ya liwiro isamaonetsedwe yokha. Sabata iliyonse tengani matiketi otsekedwa mwachisawawa, 20 ndi pabwino poyambira, makamaka omwe analembedwa kuti alamu yabodza, apatseni munthu wina osati amene anatseka awerengenso. Afunse ngati umboni ulipo mu tiketimo, ngati zonse za pa mndandanda wa kutsekereza zinachitidwa, ndiponso ngati iyeyo akanagamula chimodzimodzi. Werenganinso matiketi amene atsegulidwanso, komanso akaunti kapena kompyuta yomweyo ikabwereranso ndi vuto lofanana masiku 30 asanathe. Kutsegulanso tiketi kusakhale mlandu, chifukwa kukakhala mlandu anthu azingotsegula yatsopano kuti yakaleyo ioneke yoyera.

Kuthamanga kumaoneka ndithu mukayang'anitsitsa. Matiketi ambiri amatsekedwa mphindi zochepa shifiti isanathe kapena malire a nthawi yomwe timu inapatsidwa atangotsala pang'ono, ndemanga zimakhala mzere umodzi wokopedwa pa tiketi ina, mavuto akulu amatsitsidwa gulu kuti apeze nthawi yotalikirapo. Liwiro likamakoma pomwe obwereranso akuchuluka, dziwani kuti timu sinafulumire, yangosiya kufufuza.

Chomaliza, manambalawa akhale a timu yonse, osati mndandanda wa mayina kuti uyu ndi wachangu uyu ndi wochedwa, ndipo musawalumikize ku bonasi. Amene amatenga milandu yovuta ndi amene amaoneka wochedwa pa mndandanda wotere, posakhalitsa aliyense amayamba kusankha matiketi ophweka. Pa lipoti la mwezi ikani nambala yapakati, ya 90 pa 100 ija, kuchuluka kwa obwereranso ndi zomwe owerenganso apeza, zonse pa tsamba limodzi, ndipo muziyerekeza ndi miyezi yanu yam'mbuyo yomwe munawerenga ndi malamulo omwewo.