Mmene mungakonzere mndandanda wosokonekera wa zochita kuti ukhale pulani ya sabata

Choyamba sonkhanitsani zonse pamalo amodzi. Zija munalemba mufoni, zakuseri kwa envelopu, zina zija munangoti aa ndikumbukira, zonse zikhuthulireni pa pepala limodzi, chinthu chimodzi mzere wakewake. Apa musasankhe kaye kuti ichi nchofunika ichi ayi, ingolembani mpaka m'mutu mupepuke. Ine nthawi zambiri zimandikwana 25 kapena 30.

Mukatero bwererani pamwamba muwerenge mzere uliwonse. Mukapeza mzere wongoti "fomu" kapena "dotolo", dziwani kuti imeneyo si ntchito ayi, ndi mutu chabe, ndipo zolembedwa chonchi ndi zimene zimagonera pa pepala mwezi wathunthu chifukwa diso likafikapo silidziwa poyambira. Lembaninso ndi chochita chenicheni, "kuimbira foni kuchipatala kufunsa tsiku", "kukapereka fomu". Zimene zingathe mu mphindi ziwiri monga kuyankha uthenga, chitani pompo muzifute, zisalowe mu pulani.

Magulu sindichedwapo. Ikani chilembo kumanzere kwa mzere uliwonse, ine ndimagwiritsa anayi basi: N ntchito, P zapakhomo, Nd zandalama, I za ine mwini monga thanzi ndi maphunziro. Akapitirira anayi mumayamba kutaya nthawi kuganiza kuti bilu ya madzi ndi yapakhomo kapena yandalama. Phindu la magulu ndi loti zofanana muzichitira pamodzi, mafoni onse nthawi imodzi, zofuna kutuluka ulendo umodzi.

Tsopano kusankha choyamba kuchita. Chinthu chilichonse chifunseni mafunso awiri: chikapanda kuchitika sabata ino chionongeke nchiyani, ndipo pali munthu amene akuchidikira pa tsiku lodziwika? Njira iyi yosiyanitsa chofunika ndi chachangu ambiri amaitchula ndi dzina la Eisenhower, yemwe anali pulezidenti wa America kuyambira 1953 mpaka 1961. Ine ndinaifupikitsa. Chofunika chomwenso chili ndi tsiku ndimachipatsa A. Chofunika koma chopanda wochithamangitsa, ngati kukonza zikalata zofunsira ntchito, B. Zotsalazo C, ndipo ma C ena mukawayang'anitsitsa mupeza kuti ndi zofuna za anthu ena zimene mungatume wina kapena kungozikana. Ma A akakwana theka la pepala ndiye kuti simunasankhe, bwerezaninso.

Koma pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa madeti, chifukwa ine pamenepa panandipweteka. Chinthu chilichonse cha A chili ndi masiku awiri osati limodzi: tsiku lomaliza lomwe akuchifuna, ndi tsiku lomwe inu mukhale pansi kuchigwira. Kale ndinkalemba loyambalo lokha.

Ndinali ndi fomu yofunsira malo a maphunziro, yotseka Lachisanu 4 koloko madzulo. Mu pulani yanga ndinalemba bwinobwino pa bokosi la Lachisanu, "kukapereka fomu", ndi A wamkulu pambali, ndipo sabata yonse mtima unali m'malo poti chalembedwa. Lolemba mpaka Lachinayi mabokosi anali odzaza ndi zina. Lachisanu m'mawa ndikutsegula fomu ija ndi pamene ndinaona tsamba lomaliza, pakufunika siginecha ndi chidindo cha abwana anga, zithunzi ziwiri, ndi fotokope ya satifiketi. Abwanawo anali atachoka Lachinayi, kubwera Lolemba. Zithunzi ndi fotokope ndinathamanga nazo zinatheka, koma siginecha ya munthu amene palibe simungaithamangire. Mwayi uja unapita choncho, ndinadikira chaka china, ndipo mpaka pano zimandiwawa chifukwa pulani ndinali nayo, chimene chinalakwika ndi malo amene ndinaika ntchitoyo.

Ndiye panopa ndimawerenga chobwerera m'mbuyo. Tengani fomu yomweyo. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu, ndimalilemba ndi bolopeni yofiira pamwamba pa bokosi la Lachisanu, pamodzi ndi ola lake, ndipo chofiiracho sichisuntha. Kenako ndimadzifunsa kuti ndisanapereke payenera kuchitika chiyani, nanga icho chisanachitike, mpaka ndifike pa chinthu chomwe ndingayambe lero. Zimatuluka chonchi: kupereka ndimakuika Lachinayi osati Lachisanu, kuti tsiku limodzi likhale lopumira ngati china chavuta. Kuti ndipereke Lachinayi siginecha ikhale itabwera Lachitatu. Kuti ibwere Lachitatu fomu ifike pa tebulo la abwana Lachiwiri m'mawa, ndiye kuti kuilemba, zithunzi ndi fotokope zonse ndi za Lolemba. Mwaona, ntchito imene inkaoneka ya Lachisanu kwenikweni ndi ya Lolemba. Ndipo Lamlungu pokonza pulani ndimatsegula fomuyo nkuiwerenga mpaka tsamba lomaliza, osangoiyang'ana pachikuto.

Masitepe amenewa ndimalemba ndi pensulo chifukwa amasuntha. Paliponse pamene pali dzanja la munthu wina, wosaina, wotumiza ndalama, woyankha kalata, ndimajambulapo kabwalo ndipo ndimamufunsa msanga kuti sabata ino alipo masiku ati. Nthawi yanu mutha kuifinya, kugona mochedwa nkumaliza, koma ya mnzanu simungaifinye. Njira yodziwira kuti pulani yanu ili ndi vuto langa lija ndi yosavuta: yang'anani chofiira chilichonse, ngati masiku a m'mbuyo mwake mulibe pensulo yokhudza chimenecho, mwalemba tsiku lomaliza lokha.

Zina zilibe tsiku lomaliza nkomwe, makamaka ma B. Musazipangire madeti ofiira abodza, mukatero diso limazolowera nkusiya kuopa chofiira. Zipatseni tsiku logwira basi, ndi pensulo.

Za kope, simukusowa dayale yodula ayi, kope wamba ndi rula zakwana. Mukafuna yosindikizidwa kale samalani ndi ogulitsa ena amene amatsitsa mtengo osakuuzani kuti ndi ya chaka chatha. Madeti amasuntha ndi tsiku limodzi chaka chilichonse, nthawi zina awiri chifukwa cha February wa masiku 29, ndiye musanalipire fanizirani deti la lero ndi kalendala ya mufoni. Onaninso pepala lake, lina ndi lopyapyala moti inki imatulukira kuseri.

Kujambula kwake nkosavuta. Tsegulani masamba awiri oyang'anizana, mabokosi anayi uku anayi uku, asanu ndi awiri a masiku, lachisanu ndi chitatu la zodikira ndi ma C. Yambani kulemba zosasuntha monga misonkhano ndi zofiira zija, kenako masitepe a ma A, osapitirira atatu pa tsiku, kenako B mmodzi kapena awiri pamene pali mpata. Chilembo cha gulu chikhale pambali. Musadzaze tsiku lonse, siyani ngati gawo limodzi mwa atatu la zobwera mwadzidzidzi.

Madzulo aliwonse mphindi zisanu, futani zatheka, zotsala zisamutseni ndi kamuvi. Chimene mwachisamutsa katatu chiduleni tizidutswa kapena chibwezeni ku bokosi la zodikira. Lamlungu pepala latsopano, kuyambira pa zomwe zatsala mu bokosi limenelo.